GALU WOLUSA PA CHINGWE

Munthu amene ayenda pa Mseu Waukulu wa Kum'mawa kuchokera ku Lusaka kunka ku Chipata, akapitirira Chongwe, alowa m'dziko la mapiri ndi mitengo la Rufunsa, kwa Asoli, kumene kuli mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Dziko limeneli linali pansi pa boma la Chongwe kufikira pamene linapatsidwa boma lakelake. M'midzi ya kumeneko agalu ali ambiri, pakuti minda ili pafupi ndi thengo, ndipo anyani ndi nguluwe sizichita manyazi ndi chimanga cha munthu. Agalu amenewa ayenda okha osamangidwa. Akomana pa njira tsiku ndi tsiku, nanunkhizana, napatukana, ndipo ndeu yeniyeni ioneka kamodzikamodzi.

Koma pali tsiku lina limene agalu omwewo asanduka zilombo. Ndilo tsiku la katemera wa chiwewe, pamene dokotala wa ziweto aitana anthu kuti asonkhane ndi agalu ao pa malo amodzi. Lamulo la dziko la Zambia lifuna kuti galu alandire katemera ameneyu, ndipo akatswiri a za umoyo pa dziko lonse aphunzitsa kuti nthendayi ileka kufala ngati agalu 7 mwa agalu 10 aliwonse abayidwa. Tsono pa tsikulo aliyense adza ndi galu wake pa chingwe, wina pa unyolo, wina pa luzi, wina pa lamba wa buluku. Galu amene dzulo anali wofatsa aima ndi miyendo iwiri, nakoka, nauwa mpaka thovu kukamwa. Mwini wake achita manyazi, namkwapula ndi ndodo, ndipo chaka chamawa anena mumtima mwake, "Uyu sindipita naye." Galu wotereyu akhala wosabayidwa pakati pa ana.

Vuto lomweli alidziwa anthu a m'makomboni a ku migodi ndi a m'matauni, kumene galu akhala m'mpanda, ndipo atuluka pa chingwe pokha. Mankhwala ake sagulidwa ku sitolo. Ndiwo mtunda, ndiko kunena kutalika kwa malo pakati pa galuyo ndi galu mnzake.

Choyamba munthu azindikire chimene chingwe chichita kwa galu. Agalu awiri omasuka akakomana sadzerana maso ndi maso monga achitira anthu popatsana moni. Ayenda mokhota, wina nadzera m'mbali mwa mnzake, nayang'ana kumbali, nanunkhiza kumbuyo. Wamantha ali ndi ufulu wa kupatuka kapena kuthawa. Chingwe chichotsa zonsezi. Mwini galu ayenda molunjika pa njira yopapatiza, natengera galu wake pamphuno penipeni pa galu wachilendo, ndipo kwa agalu kudzerana kotero ndiko kuputa ndeu. Galuyo sangathe kukhota, sangathe kuthawa. Chimtsalira chinthu chimodzi, ndicho kuopseza mnzakeyo kuti achoke. Auwa, nalumpha, ndipo popeza galu winayo anali pa ulendo wake, apitirira ndithu. Pamenepo wa pa chingweyo aphunzira phunziro loipa, lakuti kuuwa kwake ndiko kwapirikitsa mdani. Mawa auwa msanga ndi mwamphamvu koposa.

Mwini wake naye athandiza kuononga zinthu osadziwa. Akaona galu wina patali, mtima wake uyamba kugunda, nakunga chingwe, nachizengereza kudzanja. Chingwe chokungika chitsamwitsa galu pakhosi, ndiponso chimtukula chifuwa ndi mutu, kotero kuti kwa galu winayo aoneka ngati wofuna nkhondo. Pambuyo pake ndodo igwa pamsana. M'mutu mwa galu zinthu izi zimangika pamodzi: galu wachilendo akaoneka, khosi lipweteka, mbuye akalipa, ndodo idza. Nanga adzamkonda bwanji galu wachilendo?

Ndodo ili ndi choipa china chachikulu. Galu wokwapulidwa chifukwa cha kudzuma angathe kuleka kudzuma, koma mantha ake akhala momwemo. Kudzuma ndilo chenjezo lake, monga belu la njinga. Munthu amene achotsa belulo atsala ndi galu woluma mosachenjeza, ndipo ameneyo ndiye woopsa koposa uja waphokoso.

Si agalu onse auwa chifukwa cha mantha. Alipo ena, makamaka ang'onoang'ono a chaka chimodzi, amene afunitsa kukasewera ndi anzao, ndipo chingwe chikawaletsa apsa mtima. Wotereyu alira ndi mau ang'ono okwera, thupi lake lili lofewa, ndipo akamasulidwa asewera bwino. Wamantha aumitsa thupi, atseka kamwa, ubweya wa pamsana uima, ndipo kawirikawiri alemera cha ku miyendo yakumbuyo chinkana akuuwa. Kugwedeza mchira sikunena kanthu pa kokha. Mchira woimirira, wouma, wonjenjemera kunsonga, suli wa chikondi ai. Chokoma nchakuti onse awiri achira ndi njira imodzimodzi.

Njira imeneyi inayamba ndi anthu ophunzira amene sanali kuganiza za agalu a kumudzi. Ivan Pavlov wa ku Rasha, amene analandira mphatso ya Nobel m'chaka cha 1904, anaonetsa kuti galu akamva chizindikiro china nthawi zonse chakudya chisanadze, pambuyo pake chizindikiro chokhacho chimdonthetsa malovu. Thupi liphunzira lokha kuti ichi chitsogolera icho. M'chaka cha 1924 mai wina wa ku Amereka, Mary Cover Jones, analemba za kamnyamata ka zaka pafupifupi 3 kamene kanali kuopa kalulu. Maiyo anali kuika kalulu m'khola kutali, pamene mwanayo anali kudya chimene achikonda, ndipo tsiku ndi tsiku anasendeza kholalo pang'ono, kufikira mwanayo anakhudza kalulu ndi dzanja lake. Ndipo ku Joni, dokotala Joseph Wolpe anayesa zomwezo ndi amphaka amene anaopsedwa m'khola mpaka kukana kudya. Anayamba kuwadyetsa m'chipinda china chosafanana ndi chija anaopsedwamo, nawabweza pang'onopang'ono, ndipo buku lake lofotokoza njirayi linatuluka m'chaka cha 1958. Onsewa anapeza chinthu chimodzi: nyama kapena munthu amene akudya mokondwa sangakhale ndi mantha aakulu nthawi yomweyo, ndipo choopsacho chikakhala kutali mokwanira, chakudya ndicho chipambana.

Chitsanzo chake chikhale bambo wina wa cha ku Chinyunyu, kumene kuli madzi otentha otumphuka pansi m'mbali mwa mseu. Bamboyu anagwira ntchito ya mgodi ku Mufulira zaka zambiri, ndipo pobwerera kumudzi anadza ndi galu wamphongo wa zaka 3, dzina lake Zaone, amene anakulira m'mpanda wa mu komboni wosadziwana ndi agalu anzake. Kunyumba anali galu wabwino. Ana anali kumkoka makutu, iye osadandaula. Koma pa chingwe akaona galu wina, bamboyo anali kufuna manja onse awiri kuti amgwire, ndipo tsiku lina anagwetsa mdzukulu wake pa miyala. Mwezi wa Ogasiti utayamba, bamboyo anaganiza za katemera, pakuti 28 Seputembala ndilo tsiku limene dziko lonse likumbukira nthenda ya chiwewe, ndipo nyengo imeneyo ndiyo imene ntchito ya katemera ichuluka. Anali ndi masabata 8.

Anayamba ndi kutaya waya wopota umene anali kumangira galuyo pakhosi. Chingwe chothina pokoka, chonga msampha, chionjezera ululu pa nthawi yomwe galu aona mnzake, ndipo ndicho chimene chiyenera kupewedwa. Anasoketsa kwa telala lamba wa nsalu yolimba wozungulira chifuwa ndi kupita kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, namangapo chingwe cha mayadi 2. Yadi imodzi ili ngati phazi limodzi lalikulu la munthu wamkulu poyenda, ndipo m'nkhani ino mitunda yonse iwerengedwa chomwecho.

Chachiwiri chinali chakudya. Nsima yozizira ya dzulo siikwanira pa ntchito iyi, pakuti galu aidya tsiku lililonse ndipo sangaiwale mdani chifukwa cha iyo. Pafunika chinthu chimene galu sachiona kawirikawiri. Bamboyo anaphika matumbo ndi ziwindi za nkhuku, nazidula tizidutswa tonga mbeu ya nyemba. Masiku osowa nyama anatenga kapenta, namtsuka kuchotsa mchere. Mafupa ophika sanawaikepo, chifukwa asweka nabaya m'mimba. Tizidutswa 50 kapena 60 tikwanira phunziro limodzi, ndipo tonseto tidzaza kambale kakang'ono chabe. Phunziro linali kuchitika m'mawa galu asanadye, ndipo chakudya chake chamadzulo chinachepetsedwa pang'ono.

Chachitatu chinali mthandizi. Bamboyo anapita kwa mnansi wake amene anali ndi galu wamkazi wokalamba, wosasamala za agalu ena.

"Achimwene, ndadzapempha galu wanu uja," anatero.

"Mufuna kukasaka naye? Iyeyu miyendo inatha kale."

"Iai, ndifuna angoima pa bwalo la mpira, mphwanu wanga uja azimuona."

Mnansiyo anaseka, koma analola kuti mwana wake azidza naye pa chingwe m'mawa ana a sukulu asanafike. Bwalo la mpira lili malo abwino koposa pa ntchito imeneyi, chifukwa lili poyera, galu wachilendo aonekera patali, ndipo mitunda yake idziwika kwa aliyense wokonda mpira: kutalika kwake kupitirira mayadi 100, bokosi lalikulu lili mayadi 18 kuchokera pa golo, ndipo pomenyera penate pali mayadi 12.

Tsiku loyamba silinali la kuphunzitsa, koma la kupima. Bamboyo anaima ndi Zaone pa golo limodzi, mnyamata ndi galu wokalamba pa golo linalo, nayamba kusendera pang'onopang'ono. Pa mayadi 90 Zaone sanasamale, anali kununkhiza udzu. Pa mayadi 60 anatukula mutu, naimika makutu, nayang'ana. Bamboyo anamuonetsa kachiwindi, iye natembenuka nadya mofatsa. Pa mayadi 50 anadyabe, koma anakwatula ndi mano mpaka kukanda chala. Pa mayadi 45 anatseka kamwa, naumitsa miyendo, natuzula maso, ndipo chiwindi chili pamphuno pake sanachione. Bamboyo anakweza dzanja, mnyamatayo nabwerera msanga galu asanauwe.

Pamenepa pagona nkhani yonse. Galu aliyense wotere ali ndi malire ake, ndipo chakudya ndicho sikelo yopimira. Akadya mofatsa ali kunja kwa malire, ndipo mutu wake ungathe kuphunzira. Akakwatula ali pa malire penipeni. Akakana chakudya chimene achikonda walowa kale m'kati, ndipo chilichonse chimene mwini wake anena chigwera pansi, monga kulangiza munthu amene nyumba yake ikupsa. Anthu ambiri alephera chifukwa ayamba kuphunzitsa galu pa mayadi 5, pamene akuuwa kale. Malire a Zaone anali pa mayadi 50, choncho ntchito inayambira pa 60. Galu wina malire ake ali pa 20, wina pa 100. Chiwerengero chipimidwa pa galu mwini, sichibwerekedwa kwa mnansi.

Phunziro lenileni linayenda motere. Mnyamata anabisala ndi galu wokalamba kuseri kwa nyumba ya sukulu. Bamboyo anaima pa malo ake, chingwe chili lende, chosakungika. Mnyamata natuluka poyera. Bamboyo anadikira kufikira Zaone waona galuyo ndi maso ake, ndipo pomwepo anati, "Eya!" nampatsa kadutswa, ndi kena, ndi kena, pafupifupi kamodzi pa kupuma kulikonse. Atawerenga mumtima kufika 10, mnyamata anabwerera kuseri, ndipo dzanja la chakudya linatsekedwa. Anapumula mphindi imodzi, galu nanunkhiza pansi, nabwerezanso. Anachita chotero kakhumi, ndipo phunziro lonse silinapitirire mphindi 15.

Kutsatana kwa zinthuzi ndiko kofunika, ndipo pano ambiri alakwa. Galu wachilendo aoneke poyamba, chakudya chidze pambuyo. Mwini galu amene aona mdani patali, nafulumira kutulutsa nyama galu wake asanaone kanthu, aphunzitsa zosiyana: galuyo ayamba kudziwa kuti nyama ikatuluka m'thumba ndiye kuti choopsa chili pafupi, ndipo ayamba kuunguza uku ndi uku m'malo mwa kudya. Chimodzimodzi amene aphimba maso a galu, kapena kumkokera kumbali kuti asaone, sachiza kanthu. Galu ayenera kuona mnzake bwinobwino, koma pa mtunda umene mtima wake upirira. Ndiponso chakudya chileke pamene galu wachilendo wabisika, kuti kusiyana kwake kudziwike: iye akaoneka ziwindi zigwa, iye akachoka ziwindi zitha.

Ena afunsa ngati kumeneku si kulipira galu chifukwa cha ukali wake. Yankho nlakuti pa mayadi 60 ukali sunayambe, ndipo chimene chisinthidwa ndicho chiyembekezo cha mumtima mwa galu. Mantha sakula chifukwa cha kudyetsedwa, monga mwana woopa bingu saonjeza kuopa chifukwa mai wake wamfungatira.

Pa tsiku lachinayi chinaoneka chizindikiro chimene bamboyo anali kudikira. Mnyamata atatuluka, Zaone anayang'ana galu wokalambayo, ndipo mau a "Eya" asanamveke anatembenuza mutu yekha, nayang'ana dzanja la mbuye wake. Ndiko kunena kuti galu wachilendo wasanduka belu la chakudya. Munthu asasendeze mtunda chizindikiro ichi chisanaoneke, chinkana papite sabata lathunthu. Bamboyo anadziikira lamulo: Zaone akatembenuka yekha kasanu ndi katatu mwa kakhumi, masiku awiri otsatana, mtunda uchepe ndi mayadi 5. Pakutha pa sabata lachitatu anali pa mayadi 35.

Tsono panachitika cholakwa. Bamboyo anapita ku maliro masiku awiri, nasiya ntchito m'manja mwa mdzukulu wake wamkulu. Mnyamatayo poona kuti galu akuchita bwino, anafuna kudzadabwitsa agogo ake, nauza mnzake kuti asendere kufikira pomenyera penate. Zaone analumpha, nauwa monga kale, galu wokalamba naye nayankha. Bamboyo atabwera anapeza kuti pa mayadi 35 pomwe galu akana chakudya.

"Agogo, ndinaona ngati wachira," anatero mnyamatayo.

"Mdzukulu wanga, kuona maso a nkhono nkudekha. Mawa tibwerera pakati pa bwalo."

Sanabwerere mawa lake lomwe, koma anapumitsa galuyo masiku awiri pakhomo, pakuti galu amene walusa kwambiri thupi lake likhala lotekeseka nthawi ndithu, ndipo kanthu kakang'ono kamuutsanso. Ichi chifotokoza chifukwa chake galu amene anapirira agalu awiri pa njira alusira wachitatu: zokhumudwitsa ziunjikana monga madzi m'chidebe. Tsiku limene galu wathamangitsidwa ndi njinga yamoto, kapena wagona usiku wonse akuuwa fisi, si tsiku losendeza mtunda. Atapuma anayambanso pa mayadi 50, ndipo pa masiku 5 anafikanso pa 35. Zimene galu anaphunzira sizinafafanizike, zinangophimbika.

Kuchokera pamenepo bamboyo anazindikira kuti mtunda suli chinthu chokha chimene chilemetsa phunziro. Galu woima ali wopepuka kuposa woyenda, ndi woyenda kuposa wothamanga. Woonetsa nthiti ali wopepuka kuposa wodza molunjika ndi maso. Wamkazi wokalamba ali wopepuka kuposa wamphongo mnzake. Lamulo lake nlakuti chisinthike chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo china chikalemera, mtunda utalikenso. Pamene anabweretsa galu wachiwiri, wamphongo wakuda wa mphunzitsi, anabwerera ku mayadi 55, chinkana ndi wokalamba uja anali atafika pa 25. Pamene anachoka pa bwalo kunka pa njira ya ku chigayo, anabwereranso kutali. Galu saganiza monga munthu kuti chimene chili choona pa bwalo chili choona ponseponse. Afunika kuphunzira ndi agalu atatu kapena anayi, pa malo atatu kapena anayi, asanayambe kukhulupirira kuti lamulolo nla agalu onse.

Atafika pa mayadi 20 anasintha machitidwe. M'malo mwa kuima, anthu awiriwo anayamba kuyenda mbali imodzi, wina m'mphepete mwa bwalo, wina m'kati, onse kulunjika ku golo limodzi, anthu ali pakati ndi agalu kunja. Kuyenda kotere kuchotsa kupenyana m'maso, ndipo mapazi oyenda atsitsa mtima wa galu kuposa kuima chilili. Zaone anali kuyang'ana mnzake, nayang'ana mbuye wake, nalandira kadutswa, nthawi zina nangonunkhiza pansi. Kununkhiza kumeneko nkwabwino, ndipo mwini galu asakuletse. Galu amene aleka kupenya mnzake nayamba kufufuza fungo m'udzu wasankha yekha mtendere. Pamenepo bamboyo anayamba kuchepetsa chakudya, kadutswa kamodzi pa kuyang'ana kulikonse m'malo mwa mvula ya tizidutswa.

Vuto limene mabuku a kunja salitchula kwambiri, koma lili lalikulu ku Rufunsa ndi m'makomboni, ndilo la agalu oyenda okha. Mthandizi amvera dzanja likakwezedwa, koma galu wa eni ake wotuluka m'tchire samvera munthu. Chifukwa cha ichi bamboyo anaphunzitsa Zaone mau ena pakhomo, popanda galu aliyense pafupi. Anali kunena kuti "Tiye!" natembenuka msanga kubwerera kumene achokera, galu namtsata, nalandira chiwindi. Anabwereza kambirimbiri mpaka anasanduka masewera. Pa njira, galu wachilendo akatulukira pafupi, mau amenewa ndiwo anali kuwachotsa pangozi, napita kuseri kwa nkhokwe kapena kwa chulu, pakuti chinthu chotchinga maso chigwira ntchito yonga ya mtunda. Ngati wachilendoyo awatsata, bamboyo anali kumponyera kapenta wodzaza dzanja pamaso pake, ndipo ambiri aima kutola. Masabata onsewo sanadutse naye pa msika kapena pa chigayo nthawi ya anthu ambiri. Kulusa kulikonse kumene galu aloledwa kuchita kulimbitsa chizolowezi chakale, ndipo kuyenda kumodzi koipa kungathe kudya phindu la sabata.

Pali agalu amene njira imeneyi siili yoyamba kwa iwo. Galu amene anali wofatsa zaka zonse, nasanduka waukali mwadzidzidzi pa masiku owerengeka, asapatsidwe chakudya ndi dzanja, ndipo ana asamyandikire. Kapena ali ndi ululu wa dzino, wa khutu kapena wa m'chiuno. Koma ngati sanabayidwe, ndipo akudontha malovu, akuluma mitengo ndi miyala, mau ake asintha, kapena akulephera kumeza, atsekeredwe, ndipo dokotala wa ziweto auzidwe tsiku lomwelo. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda mphindi 15, napite ku chipatala osadikira, pakuti chiwewe chikaonetsa zizindikiro zake pa munthu sichichira. Galu wamkazi wa ana ali ndi ukali wa nyengo yake, ndipo amphongo sangaphunzire kanthu pamene wamkazi wosakidwa ali pafupi. Galu amene analuma mnzake kale mpaka kung'amba avale chotseka kukamwa chonga dengu, chimene chimlola kupuma wefuwefu ndi kulandira chakudya, ndipo chingwe chake chisagwidwe ndi mwana. Ndiponso katemera asachedwetsedwe chifukwa phunziro silinathe. Mwini galu angathe kuima kutali ndi gulu, natuma mwana kukapempha dokotala kuti galuyo abayidwe poyamba kapena potsiriza.

Ndimo anachitira bambo wa ku Chinyunyu. Pakutha pa masabata 8 Zaone anali kuyenda mayadi 6 kuchokera kwa galu wokalamba uja, chingwe chili lende, ndi mayadi 15 kuchokera kwa wamphongo wakuda. Pafupi koposa pamenepo ndi wakudayo thupi linali kuumabe, ndipo bamboyo sanakakamize. Sanafune kuti agaluwo adyere mbale imodzi. Anafuna galu amene mwana wa zaka 12 angathe kuyenda naye. Pa tsiku la katemera anafika m'mamawa, naima pansi pa mtengo mayadi 70 kuchokera pa gulu, chifukwa agalu 30 ouwa pamodzi sali ngati galu mmodzi wa pa bwalo. Zaone anauwa kawiri pamene galu wina anadula chingwe nathamanga cha kumene anali, bamboyo anati "Tiye!" napita naye kuseri kwa ngolo, ndipo patapita mphindi pang'ono galuyo anadyanso. Anthu atachepa, mdzukulu anakaitana dokotala, amene anadza ndi jekeseni yake pa mtengo pomwepo. Bamboyo anagwira mutu wa galu pa bondo lake, mdzukulu nampatsa ziwindi zotsala, ndipo chikalata cha katemera chinalembedwa pa chishalo cha njinga.